Kirediti noti komanso ndalama zobwezedwa: mainasi ya papepala losikana isakusocheretseni

Pepala lililonse lochokera kwa sapulaya, musanathamangire kunambala ya pansi, werengani kaye mutu wake. Kamzere ka mainasi n'kakang'ono kwambiri moti sikana imatha kukameza, kapena kukaika pamene panalibe. Koma mawu a pamwamba akuti Credit Note kapena Tax Invoice ndi akuluakulu, sasowa wamba. Choncho amene akuuzeni ngati ngongole ikukwera kapena ikutsika ndi mtundu wa pepalalo. Chizindikiro cha pambali pa nambala chimangobwera kudzachitira umboni.

Titenge chitsanzo chimodzi ndipo tiyende nacho mpaka kumapeto. Muli ndi shopu ya zomangira nyumba ku Down Shops kuno ku Chipata, ndipo ndinu olembetsa VAT. Mwaoda penti kwa sapulaya wa ku Lusaka, zitini 40 pamtengo wa K250 chimodzi VAT isanalowe. Katundu yekha ndi K10,000.00, VAT ya 16 peresenti ndi K1,600.00, zonse pamodzi K11,600.00. Lole itafika, mwapeza kuti zitini 6 zaphwanyika panjira ndipo penti akudontha, ndiye mwazibweza ndi dalaivala yemweyo. Patapita masiku, sapulaya akukutumizirani pepala losikana: zitini 6 ndi K1,500.00, VAT yake K240.00, zonse K1,740.00. Imeneyi ndiye kirediti noti. Ngongole yanu yeniyeni tsopano ndi K9,860.00.

Maonekedwe a mainasi, ndi mmene amasowera

Masapulaya salemba mofanana. Wina alemba -1,740.00, mainasi kutsogolo. Wina aika mainasi kumbuyo, 1,740.00-. Wina atsekera nambala m'mabulaketi, (1,740.00), monga amachitira maakauntanti ambiri. Wina alemba 1,740.00 CR. Wina amangosindikiza nambalayo ndi inki yofiira. Ndipo alipo ambiri amene saika chizindikiro chilichonse, chifukwa kwa iwo mutu wa pepala wanena kale zonse. Onsewa akunena chinthu chimodzi: ngongole yanu yachepa ndi K1,740.00.

Vuto limayamba pepala likadutsa m'sikana kapena pakamera ya foni. Inki yofiira ikasikanidwa mwakuda ndi koyera basi, imasanduka yakuda ngati nambala ina iliyonse, kapena imazimiririka. Mainasi ya kumbuyo imakhala kumphepete kwenikweni kwa kumanja, kumene pepala likapendekeka pang'ono sikana imadula. Mainasi ya kutsogolo nthawi zambiri imagundana ndi mzere wa tebulo, n'kukhala ngati mbali ya mzerewo. Pamene pepala linapindidwa, pamene padindidwa chidindo, pamene panali sitepula, ponseponse kamzereka kamatha kubisala. Ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu ya OCR, imene imawerenga zilembo pachithunzi n'kuzisandutsa zolemba, dziwani kuti bulaketi imatha kuwerengedwa ngati 1. Pamenepo (1,740.00) ingatuluke ngati 11,740.00, nambala yooneka yabwinobwino yoti munthu wotopa madzulo aidutsitsa. Zimachitikanso mobwerera: kadontho ka fumbi pagalasi la sikana kamawerengedwa ngati mainasi painvoisi wamba.

Ngati ndinu amene mukusikana, chotsani sitepula, wongolani pepala, sankhani 300 dpi, ndipo sikanani ndi mitundu yake osati mwakuda ndi koyera. Onani kuti mphepete zonse zinayi zikuoneka. Ngati akutumiza ndi sapulaya pa WhatsApp, m'pempheni atumize PDF yotuluka m'kompyuta mwawo. Chithunzi wamba chimafinyidwa potumiza, ndipo timizere tating'ono ndi timene timayamba kuwonongeka. Ine pepala lodulidwa mphepete ya kumanja sindililowetsa m'buku. Ndimaitanitsa lina, ngakhale atandiuza pafoni kuti nambala ndi yomweyo.

Kutsimikiza kuti ndi kirediti noti ndithu

Mwawerenga mutu. Tsopano funani nambala ya invoisi imene pepalali likuchepetsa. Kirediti noti yabwino imakhala ndi nambala yakeyake, deti lake, dzina ndi TPIN ya sapulaya, dzina la shopu yanu, chifukwa chake, ndiponso nambala ya invoisi yoyamba ija. Kuyambira mu 2024 a ZRA anayamba kufuna kuti olembetsa VAT azitulutsa mainvoisi kudzera m'pulogalamu yawo ya Smart Invoice, ndipo kirediti noti yotuluka mmenemo imalozera kuinvoisi yake. Ikakhala kuti silozera paliponse, imbani foni mufunse. Musangoiponya painvoisi ina iliyonse yomwe ndalama zake zikufananako.

Kenako tulutsani invoisi yoyambayo muiike pambali. Mtengo wa chitini chimodzi ukhale womwewo, K250. Nthawi zina sapulaya amabweza pamtengo wa lero pomwe inu munagula pamtengo wa mwezi watha, kapena amaiwala kuti anakuchotserani pang'ono pogula. Chiwerengero cha zitini chifanane ndi pepala limene dalaivala anasaina potenga katundu wobwezedwa. Muwerengenso masamu nokha: 6 kuchulukitsa ndi 250 ndi 1,500, 16 peresenti ya 1,500 ndi 240, pamodzi 1,740. Kuwerenga kumeneku ndi kumene kumagwira 11,740 uja, chifukwa mizere ya pamwamba singakwane nambala imeneyo. Ngati nambala ya VAT yafufutika koma ya pansi ikuoneka, chulukitsani 1,740 ndi 16 n'kugawa ndi 116, mupeza 240. Koma izi zichitike pokhapokha katunduyo analipiritsidwa VAT painvoisi yoyamba. Katundu amene analibe VAT pogula alibenso VAT pobweza.

Apa ndichenjezepo. Dalaivala akakhwatcha 40 painvoisi n'kulemba 34 ndi cholembera, imeneyo si kirediti noti. Ndi umboni wabwino woti zitini zinabwerera, usungeni, koma m'buku la sapulaya invoisi ikadali K11,600.00 mpaka ofesi yawo itatulutsa pepala lenileni. Inu lowetsani invoisi yonse mmene ilili, lipirani K9,860.00 ngati mwagwirizana choncho, ndipo K1,740.00 yotsalayo ikhale yoonekera m'buku ndi mawu akuti tikudikira kirediti noti.

Mainasi imalowa kamodzi kokha

Pano ndi pamene ambiri amagwera, ndiye tikhalepo pang'ono.

Ngati mumalemba m'buku la pamanja lokhala ndi mbali ziwiri, ya zokweza ngongole ndi ya zotsitsa ngongole, lembani 1,740.00 kumbali yotsitsa, popanda mainasi. Mbaliyo ndiyo yachita kale ntchito ya mainasi. Ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu ya maakaunti, pafupifupi onse ali ndi malo akeake olowetsera kirediti noti ya sapulaya, ena amawatcha Supplier Credit, ena Vendor Credit, ena Debit Note. Mmenemo mumalemba nambala yopanda mainasi, pulogalamu ndiyo imachotsera yokha. Mukalembamo -1,740.00 chifukwa choti pepala likuonetsa choncho, mapulogalamu ena amakana, koma ena amalandira, ndipo mainasi ziwirizo zimadyana n'kusanduka kuwonjezera. Ngongole yakwera m'malo motsika, pomwe inu mukuona ngati mwakopera mokhulupirika.

Ngati zonse zili mu Excel m'kolamu imodzi imene mumaiphatikiza pansi, apo mainasi ndi yofunika, koma musaidalire kuti ichokere papepala. Khalani ndi kolamu ya mtundu wa pepala, tinene B, mmene muzilemba INV ya invoisi kapena CN ya kirediti noti ndi dzanja lanu mutawerenga mutu, ndiponso PAY pa ndalama zimene inu mwalipira. Nambala ya papepala ilowe mu D, ndipo kolamu yophatikiza ikhale ndi fomula iyi:

```
=IF(OR(B2="CN",B2="PAY"),-ABS(D2),ABS(D2))
```

Fomulayi imayamba yachotsa chizindikiro chilichonse chimene chinabwera, kenako n'kuika choyenera potengera mtundu wa pepala. Kaya sikana inameza mainasi kaya inaisunga, yankho likhala -1,740.00. Chitani chimodzimodzi pakolamu ya VAT, chifukwa n'zosavuta kukonza nambala yaikulu n'kusiya 240 ili chiimire ngati yowonjezera. Koma fomulayi ndi ya nambala ya pansi ya pepala lonse, osati ya mzere uliwonse. Invoisi wamba imatha kukhala ndi mzere umodzi wa mainasi mkati mwake, monga kuchotsera mtengo kapena dipoziti ya makireti obwezedwa, ndipo mzere umenewo uyenera kukhalabe wa mainasi. Pepala lolembedwa Tax Invoice koma nambala ya pansi ili ndi mainasi yeniyeni, mizere yake n'kumatsimikiza, lipatuleni mulione ndi maso, musalidutsitse m'fomula.

Excel ilinso ndi msampha wina. Mukalemba (1,740.00), imamva yokha kuti ndi mainasi. Koma 1,740.00 CR, kapena 1,740.00-, kapena nambala yokhala ndi kamzere katali kamene OCR imakonda kuika m'malo mwa mainasi, zonsezi imaziona ngati mawu. Fomula ija ikakumana nazo imaonetsa #VALUE!, koma SUM yophatikiza kolamu D mwachindunji imangozidumpha mwakachetechete, osadandaula. Chizindikiro choyamba n'chakuti nambalayo imakhala kumanzere kwa kabokosi pomwe anzake ali kumanja. Kuti mutsimikize, lembani izi pambali:

```
=ISNUMBER(D2)
```

Ikayankha FALSE, lembaninso nambalayo ndi manja. Ngati ndi mizere yambiri yokhala ndi mainasi kumbuyo, sankhani kolamu yonse, pitani pa Data, Text to Columns, ndipo pagawo lomaliza dinani Advanced muone kuti Trailing minus for negative numbers ndi yochongedwa.

Mmene mungadziwire kuti china chalakwika

Kumapeto kwa mwezi itanitsani sitetimenti kwa sapulaya muifananitse ndi buku lanu. Iye akuti K9,860.00. Buku lanu likanena K11,600.00, kusiyana ndi K1,740.00 ndendende, kutanthauza kuti kirediti noti sinalowe n'komwe, kapena yalowa ngati mawu amene SUM yawadumpha. Likanena K13,340.00, kusiyana ndi K3,480.00, ndipo mukafufuza mufayilo yonse simupeza pepala la K3,480.00. Gawani pawiri. Mupeza 1,740, ndipo mwadziwa kuti pepalalo lalowa chozondoka. Likanena K8,120.00, ndiye kuti yachotsedwa kawiri, kawirikawiri chifukwa pepala lomwelo linabwera pafoni kenako n'kubweranso ndi lole yotsatira. N'chifukwa chake nambala ya kirediti noti iyenera kulembedwa m'buku, ndipo musanalowetse ina muziyamba mwaifufuza.

Kuzondoka kumeneku sikuthera pangongole. VAT imene mukanayenera kuitanitsa pakatunduyu ndi 1,600 kuchotsa 240, yomwe ndi K1,360.00. Pepala likalowa ngati invoisi, muitanitsa K1,840.00, mwapitirira ndi K480.00. Ritani ya VAT imaperekedwa pofika pa 18 mwezi wotsatira, ndiye kufananitsa ndi sitetimenti kuchitike tsikulo lisanafike, osati pambuyo. Kukonza buku lanu n'kwapafupi, kukonza ritani yoperekedwa kale ndi ntchito ina. Ndipo ngati invoisi ndi ya mu Marichi koma kirediti noti ili ndi deti la mu Epulo, ilowetseni mu Epulo padeti lake. Musabwerere kukasintha invoisi ya mwezi umene munatseka kale.

Masapulaya ena sachepetsa pang'ono ayi. Amafafaniza invoisi yonse ndi kirediti noti ya K11,600.00, kenako n'kutulutsa invoisi yatsopano ya K9,860.00. Mapepala amakhala atatu, ndipo onse atatu alowe. Mukataya lapakatilo poganiza kuti ndi kope chabe la invoisi yoyamba, poti nambala zake n'zofanana, buku lanu lionetsa K21,460.00.

Ndalama zikabwezedwadi

Tsopano tisinthe nkhaniyo pang'ono. Tinene kuti munalipira K11,600.00 yonse katundu asananyamuke ku Lusaka. Kirediti noti ikalowa, akaunti ya sapulaya m'buku lanu ikhala pa -1,740.00. Palibe cholakwika apa, musayese kukonza. Zikungotanthauza kuti tsopano iye ndiye ali ndi ngongole kwa inu. Pali njira ziwiri: ndalamazo zikhale komweko zidzachotsedwe paoda yotsatira, kapena azibweze kubanki kapena pafoni.

Zikakhala komweko, palibe china cholemba lero. Invoisi yotsatira ikabwera, tinene ya K5,800.00, muilowetse yonse, kenako mulipire K4,060.00 n'kumanga kirediti noti ija kuinvoisi imeneyi kuti zonse ziwiri zitsekeke. Samalani ndi invoisi imene pansi pake sapulaya waikapo kale mzere wochotsa 1,740.00. Mtengo wa invoisiyo ukadali K5,800.00, ndipo 4,060.00 ndi ndalama yolipira chabe. Mukalowetsa 4,060.00 ngati invoisi pomwe kirediti noti ili kale m'buku, mwachotsa kawiri.

Zikabwezedwa, mvetsani kuti kirediti noti ndi ndalama zobwezedwa ndi zinthu ziwiri zoyenda mosemphana. Kirediti noti inatsitsa akaunti ya sapulaya kufika pa -1,740.00. Ndalama zikalowa kwa inu, zimakweza akauntiyo kubwerera pa 0. Ndiye mu Excel muja ndalama zobwezedwa zimalowa zopanda mainasi, ngakhale pepala la sapulaya lolengeza zakubwezazo litaonetsa -1,740.00. Mainasi imeneyo ndi yake, chifukwa ndalama zatuluka m'thumba mwake. Zipatseni dzina lawolawo m'kolamu B, monga REF, ndipo m'kolamu ya VAT mulembe 0. VAT inachotsedwa kale pakirediti noti, sichotsedwanso. Ndalamazi si malonda a tsikulo, zisalowe m'buku la zogulitsa ngakhale zitafikira panambala yomweyo ya foni imene makasitomala amalipirirapo. Zikalowa kumeneko mudzalipira msonkho pandalama zanu zomwe, ndipo akaunti ya sapulaya idzakhalabe ikunena kuti sanabweze.

Zilembo za CR ndi DR nazo zimasokoneza chifukwa aliyense amalemba ataima mbali yake. Pasitetimenti ya sapulaya, invoisi imakhala ku DR, ndalama zimene mwalipira ndi kirediti noti zimakhala ku CR, ndipo ndalama zimene wakubwezerani zimabwerera ku DR, kumbali imodzi ndi mainvoisi. Musaione pamenepo n'kuyesa ndi invoisi yatsopano imene simunalandire. Pasitetimenti ya banki, ndalama yomweyo ioneka ku CR, chifukwa kubanki CR ndi ndalama zolowa muakaunti yanu. Pansi pa sitetimenti ya sapulaya pakalembedwa 1,740.00 CR, iye ndiye woyenera kulipira, osati inu. Zimachitika ndithu kuti zilembo ziwirizo zadulidwa posikana, wolipira n'kutumiza K1,740.00 kwa munthu amene amayenera kubweza ndalama yomweyo, ndipo ngongole yake kwa inu yafika pa K3,480.00.

Musalembe kuti ndalama zabwezedwa chifukwa cha chithunzi chokha chimene sapulaya watumiza. Dikirani muzione pasitetimenti ya banki kapena pauthenga wa foni yanu, ndipo mulembe deti limene zalowa. Zikabwera zoperewera, tinene K1,715.00, lembani zomwe zafikazo, K25.00 ikhale yotsala paakaunti yake, ndipo mufunse. Akati anachotsa ndalama yotumizira ndipo mwavomera kuisenza, ilembeni ku zolipira zakubanki kuti akaunti itsekeke. Mukapanda kuvomera, ikhalebe pomwepo ngati ngongole yake. Ndipo ndalama zikabwera popanda kirediti noti iliyonse, funsani chifukwa chake musanakhudze VAT. Mwina munalipira invoisi imodzi kawiri, ndipo pamenepo palibe katundu wabwerera, palibe VAT yosintha, ndi ndalama chabe zopita n'kubwera paakaunti yake.

Pomaliza ntchito, sungani mapepala a nkhani imodzi pamodzi: invoisi, pepala losainidwa ndi dalaivala, kirediti noti, ndi umboni wa ndalama zolowa. Pakompyuta yambani dzina la fayilo ndi mtundu wake, mwachitsanzo CN kenako dzina la sapulaya, nambala ya pepala ndi nambala ya invoisi imene ikuchepetsa, kuti amene adzatsegule fodayo adziwe mtundu wa pepala asanaone n'komwe nambala. Ngati munalandira kope loyamba losaoneka bwino kenako n'kubwera labwino, loyambalo lilembeni kuti ndi kope ndipo mulichotse m'foda ya mapepala oyembekezera kulowetsedwa.